Chithunzi cha mjigo chokhala ndi timalembo tosaoneka

"Ndapatsidwa chithunzi cha ziwalo za mjigo wa Afridev kuti ndimasulire komiti ya madzi kwathu ku Jali. Timalembo take n'tating'ono, ndipo Chichewa sichikukwana pamene panali Chingerezi. Ndichite bwanji?"

Mayi, musanalembe kanthu yambani mwaona bwino chimene mukumasuliracho. Pemphani amene anakutumani akupatseni PDF yoyambirira. Mukaikulitsa pakompyuta, malembo n'kukhalabe akuthwa, zinthu zili bwino. Ngati muli ndi pepala lokha, pitani nalo kwa ojambula mapepala m'tauni ya Zomba, muwauze asikane pa 600 dpi. Chithunzi chimene chayenda pa WhatsApp chisiyeni, chifukwa chimafika chitafinyidwa, ndipo 63 mm ya paipi imatha kuoneka ngati 68.

Tsono za malo. Musapanikize Chichewa m'timipata ta Chingerezi, ndipo musachepetse zilembo kupyola saizi 8, pakuti pepalalo lidzadutsa pa fotokope kangapo lisanafike kumudzi. Fufutani mawu onse a pachithunzi, kumapeto kwa muvi uliwonse muikepo nambala, kuyambira ku chogwirira kutsika mpaka pansi. Mayina ndi kufotokoza kwake zipite pamndandanda m'munsi, pamene pali malo okwanira.

Povuta kwenikweni ndi m'silinda, chiwalo cha pansi penipeni pa mjigo chimene chimakhala m'madzi. Mmenemo muli pulanja ndi futivavu, zomwe pa mijigo yambiri thupi lake lapulasitiki ndi lofanana, ndipo zonse m'kati mwake muli bobini, kalabala kotsegula ndi kutseka njira ya madzi. Pachithunzi chosaoneka bwino mivi yake imayandikana, moti kusinthanitsa mayina n'kosavuta. Londolani muvi uliwonse ndi nsonga ya pensulo mpaka pamene wathera. Pulanja ili pamwamba, yolumikizidwa ku marodi, zitsulo zazitali zochokera ku chogwirira, ndipo imavala labala wotchedwa yusilu. Futivavu imakhala phee pansi, yovala labala wonga mphete wotchedwa oringi. Mukazisokoneza, komiti idzagula labala wolakwika. Mjigo umene umafuna kupopa nthawi yaitali m'mawa madzi asanatuluke nthawi zambiri ukutaya madzi pa futivavu, pomwe wotulutsa madzi ochepa tsiku lonse kawirikawiri watha yusilu.

Mwaona kuti mayinawa sindinawapekere Chichewa chatsopano. Amakaniki ndi ogulitsa zipangizo amawatchula choncho, ndipo msungichuma wa komiti akakafika kusitolo ayenera kumveka. Lembani dzinalo, kenako ntchito yake: "7. Yusilu: labala wa pa pulanja amene amakweza madzi." Manambala a zipangizo ndi miyeso ngati mm musazikhudze n'komwe, zikopereni monga zilili.

Mukamaliza, sindikizani pa A4, mujambulitse fotokope, fotokopeyo muijambulitsenso. Pepala lachitatulo mukapatse makaniki wa m'dera lanu, muzitchula nambala iye akuloza chiwalo chenichenicho. Pamene wazengereza, yang'anani ngati muvi sunafufutike kapena ngati dzinalo ndi limene iye amalidziwa.