Wamtali amalamulira pa neti, koma kupidiguka kumamuvuta

"Mwana wanga wamkazi watalika kuposa anzake onse. Aphunzitsi akuti asiye jimunasitiki ayambe volebo kapena basiketibolo. Kodi msinkhu womwewo ungakhale bwanji mwayi uku, kwinaku n'kukhala vuto?"

Amayi, aphunzitsiwo sakunama. Mu basiketibolo ndi volebo, chimene wosewera akulimbana nacho chili pamalo amodzi, ndipo sichitsikira munthu. Mkombero wa basiketibolo uli mamita 3.05 kuchokera pansi, neti ya volebo ya amayi ili mamita 2.24, ya abambo 2.43. Munthu wa mamita 2.10 akangokweza mkono amafika cha pa 2.75, ndiye kungodumpha masentimita 30 wakhudza kale mkombero. Wa 1.75 amafika cha pa 2.30, ayenera kudumpha masentimita 75, ndipo pofika m'mwambamo mnzake wautenga kale mpira. Pa volebo, womenya ali pamwamba pa neti amaulozetsa mpira pansi molunjika, pamene wamfupi amauponya mokweza, otchinga n'kuupeza mosavuta.

Mu jimunasitiki katundu wofunika kunyamula ndi kuzunguza ndi thupi lako lomwe. Apa ndiye pagona nkhani. Tiyerekeze atsikana awiri a thupi lofanana maumbidwe, wina mamita 1.50, wina 1.80. Wamtaliyo nyonga zake zimaposa za mnzake ndi pafupifupi theka, poti mphamvu ya mnofu imatsata kunenepa kwa mnofuwo. Koma kulemera kwake kumaposa ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi, poti thupi lakula m'litali, m'lifupi ndi m'mimba momwe. Choncho pa kilogalamu iliyonse ali ndi nyonga zochepa, ndipo zimaonekera akamadzikoka pa chitsulo kapena kuima ndi manja.

Kupidiguka ndiye kumavuta koposa. Zunguzani mthiko m'manja, kenako muyese nsungwi yaitali: kulemera kukakhala kutali ndi pakati, chinthu chimakana kuzungulira. Thupi la wamtali uja limakana kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi la mnzake, chonsecho nthawi yokhala m'malere ndi pafupifupi sekondi imodzi kwa onse awiri. Mukaona mwana amene wapidiguka chambuyo akutera mutu uli patsogolo, manja akufuna kugwira pansi, dziwani kuti sanamalize kuzungulira. N'chifukwa chake amapinda mawondo n'kuwakumbatira, kuti thupi lifupike. Simone Biles wa ku America, amene amapidiguka kawiri akudzipotokola katatu asanatere, ndi wamtali mamita 1.42 basi.

Komabe musamuchotse mwanayo mwaphuma. Malire amenewa amaluma kwenikweni pa mipikisano ikuluikulu. Ngati akungoyamba kumene, kulimba kwa m'chiuno ndi luso lotera bwino zimene akuphunzira panopa zidzamuteteza mawondo ndi akakolo pa volebo, pomwe azidzadumpha kosalekeza. Ine ndikanati achite zonse ziwiri kaye, mpaka ataona yekha kumene thupi lake likumvera.