Msonkhano ukasuntha, kalendala ya aliyense isunthe nawo

"Ndine mlembi wa komiti ya alimi a mthirira, ndipo mamembala athu ali ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula. Mvula ikavuta timasintha malo kapena nthawi, koma ena amapitabe kumalo akale. Ndimatumiza fayilo ya kalendala pagulu lathu la WhatsApp. Ndingatani kuti zizisintha zokha m'mafoni mwawo?"

Zikomo amayi. Vuto lagona pa fayiloyo. Fayilo ya .ics imene munthu watsegula kuchokera pa WhatsApp ili ngati kalata yoti mwaponya kale: foni yake imakopera zimene zalembedwamo n'kuzisunga, ndipo palibenso chimene chikulumikiza msonkhano wake ndi wanu. Inu mukasintha kwanu, kwa iye sikufika kanthu.

Chofunika n'kuwaitana kuchokera m'kalendala momwemo. Mu Google Calendar lembani msonkhanowo, tinene Lachinayi 9 koloko m'mawa ku Bangula. Pamene palembedwa Add guests (pafoni pamalembedwa Add people) ikani imelo ya membala aliyense, dinani Save, ndipo pakompyuta ikakufunsani muvomere ndi Send. Imeloyo ikhale yomwe munthuyo analowera nayo pafoni yake. Ambiri ali ndi maimelo awiri, ina ya kuntchito ina yotsegulira foni, ndiye mukalemba yolakwika msonkhano umakakhala kumene mwini wake sayang'anako.

Tsopano mvula yagwa Lachiwiri usiku, mitsinje yadzaza, ndipo mwagwirizana zokumana ku Ngabu 10 koloko kuti ochokera kutali apeze mpata. Apa m'pamene alembi ambiri amalakwitsa: amafufuta msonkhano wakale n'kulemba wina. Musatero ayi. Tsegulani womwewo, sinthani malo ndi nthawi, dinani Save. Chifukwa chake n'choti msonkhano uliwonse uli ndi nambala yake yobisika. Mukanatsegula mkati mwa uthenga wosinthawo mukanapeza mizere yotere:

```
UID:7k2p9x@google.com
SEQUENCE:1
LOCATION:Ngabu
```

UID ndiyo nambala yobisika ija. Kalendala ya wolandira ikaona UID yomwe ili nayo kale, imadziwa kuti ndi msonkhano womwe uja. Ikaonanso kuti SEQUENCE yakwera kuchoka pa 0 kufika pa 1 chifukwa nthawi yasintha, imachotsa zakale n'kuika zatsopano. Koma msonkhano wolembedwa kachiwiri umabwera ndi UID ina. Ngati uthenga wofufuta wakale uja sunafike kwa wina, iye amakhala ndi misonkhano iwiri Lachinayi lomwelo, wa ku Bangula ndi wa ku Ngabu, osadziwa woona. Membala akakuuzani kuti akuona iwiri, dziwani kuti chachitika n'chimenechi.

Mukasunga zosinthazo, kalendala idzakufunsani ngati itumize uthenga kwa oitanidwa, Send kapena Don't send. Ine ndimati nthawi zonse sankhani Send, ngakhale ena adandaule kuti maimelo achuluka. Amene ali pa Google Calendar zimasintha ndithu popanda imelo, koma zimasintha mwakachetechete, munthu osazindikira. Amene amagwiritsa ntchito Outlook, monga alangizi ena okhala ndi imelo ya kuntchito, amadalira imeloyo. Popanda iyo kalendala yawo imakhalabe ikunena za ku Bangula.

Ngati msonkhano wanu ndi wa mwezi ndi mwezi, pobwera funso lakuti musinthe uti, sankhani This event. Mukadina All events, misonkhano yonse isamukira ku Ngabu.

Pali chinanso chimene chimatipweteka kuno kuchigwa kuposa anzathu a m'tauni. Kalendala siisintha popanda intaneti. Membala amene bandulo yake inatha Lolemba, kapena amene ali kumunda kopanda netiweki, aziona zakale mpaka foni italumikizidwanso. Akalumikiza atsegule Google Calendar n'kudina Refresh. Ngati msonkhano suoneka n'komwe, aone mu Settings pamene palembedwa Add invitations to my calendar. Pakakhala When I respond to the invitation in email, sulowa m'kalendala mpaka atayankha imelo yoyamba ija. Choncho pamsonkhano wotsatira, musanayambe zokambirana, aliyense atsegule foni adine Yes inu mukuona, ndipo muyang'ane pamndandanda wa oitanidwa ngati dzina lake lasonyeza kuti wayankha.

Gulu la WhatsApp musalitaye, koma muzilembamo mawu chabe, monga "Tasamukira ku Ngabu, 10 koloko, onani kalendala", osaikamonso fayilo. Ndipo ngati kusinthako kwachitika usiku woti mawa lake ndi msonkhano, ochokera kutali aja aimbireni foni, chifukwa iwo amalawirira kukadikira minibasi asanatsegule n'komwe intaneti.