Geji yanga ya 25 H7 mbali ya GO ikuwerenga 25.003, andigulitsa yolakwika?

"Akuluakulu thandizeni, ndagula pulagi geji ya 25 H7 yoyezera mabowo a mabushi, koma nditayeza ndi maikulomita ya dijito mbali ya GO ikundipatsa 25.003 osati 25.000. Ndikabweze?"

Ayi achimwene musabweze, gejiyo ili bwinobwino, ka 0.003 kameneko anakasiya dala opangawo.

Bowo la 25 H7 limaloledwa kuyambira 25.000 mpaka 25.021 mm. Mbali yaitali ija ya GO imalondera malire ang'ono, ikuyenera kulowa bowo lonse ndi dzanja basi osakakamiza. Yaifupi, imene nthawi zambiri imakhala ndi kamzere kofiira, ndi NO GO, imalondera 25.021 ndipo siyiyenera kulowa. Kutalikako si fasho, ndi lamulo la William Taylor la 1905: GO iyeze bowo lonse nthawi imodzi kuti ngati lapindika ngati nthochi ikane, pomwe NO GO iyeze malo amodzi amodzi.

Nde taganizani, GO ikulowa ndi kutuluka m'mabowo tsiku lonse, ikukhulana ndi chitsulo, tiziphuthu tamchenga ndi tizinyenyeswa ta pa rima, imadyeka ndithu. Akanaipanga 25.000 ndendende bwenzi pakutha kwa masabata ochepa ili pansi pa malire ndipo ikuvomereza mabowo opanikiza oti shafiti silowa. Nchifukwa chake amaikankhira pang'ono mkati mwa toleransi, mpata wololedwa uja wa 25.000 mpaka 25.021, kuti ikhale ndi mnofu wodyeka. NO GO saisiyira kanthu poti iyo siyilowa, ingogunda pakamwa pa bowo nkubwerera.

Manambala ake pa matebulo a ISO, giredi 7, saizi za pakati pa 18 ndi 30 mm, ali chonchi. Z ndi 0.003, ndiye mnofu uja, pakatikati pa GO yatsopano pamakhala 25.003. H ndi 0.004, awa ndi malo olakwitsa a wopanga gejiyo poti nayenso ndi munthu, choncho yatsopano ikhoza kukhala paliponse kuyambira 25.001 mpaka 25.005. Yanuyo yagwera pakati penipeni, mwachita mwayi. Kenako Y, nayo 0.003, iyi ikunena podzaitayira: ikadyeka kufika 24.997 yatha ntchito. NO GO imakhala 25.019 mpaka 25.023.

Mwaona pamenepo kuti palibe chaulere. Geji ikadali yatsopano ikana bowo la 25.001 lomwe pa pulani ndi labwino, ikakalamba ivomera la 24.998 lomwe ndi lopanikiza. Mikangano yambiri ya wapamakina ndi woyendera ntchito imachokera apa. Ine ndinakanganapo ndi mkulu wina tsiku lathunthu, mabushi onse akudutsa kwa ine koma kwa iye akukana, kumapeto tinapeza kuti ine ndinali ndi geji yakale iye yatsopano. Zimayenera kukhala mosemphana, yatsopano ipite kwa wapamakina, yodyekako pang'ono kwa woyendera.

Pa shafiti zonse zimatembenuka. Ya 25 h7 imayambira 25.000 kutsika mpaka 24.979, apa GO, kaya ndi ringi kaya sinapu geji yooneka ngati chilembo C ija, imalondera malire aakulu ndipo ikamadyeka kamwa lake limakula. Nde yatsopano amaipanga yothina, 24.997, nkudzaipumitsa ikafika 25.003. Kungoti sinapu imagwira mbali ziwiri zokha, muziyizunguza shafitiyo nkuyeza malo angapo apo ayi yooneka ngati dzira ikudutsani.

Amene muli kusukulu musasokonezeke, mabuku ambiri amaphunzitsa njira yachidule: toleransi ya geji ndi 10% ya toleransi ya ntchito, ndipo gawo lodyeka ndi 10% ya toleransi ya gejiyo. Pa bowo la 40.00 mpaka 40.10 ndiye kuti 0.010 ndi 0.001, GO nkukhala 40.001 mpaka 40.011. Ena amati gawolo liperekedwe pokhapokha toleransi ya ntchito ikaposa 0.09 mm. Pamayeso tsatirani zimene funso lanena, koma pogula geji yeniyeni yang'anani satifiketi yake.

Chomwe ndingakuchenjezeni ndi muyezo wanuwo. Manambala onsewa ndi a pa 20°C, ndipo chitsulo cha 25 mm chikatentha ndi madigiri 10 chimakula pafupifupi 0.003, mnofu wonse uja. Geji mwaifumbata m'manja mphindi zingapo, maikulomita yangochoka mu bokosi lozizira, mupeza zabodza. Zisiyeni pamodzi pa benchi kwa ola, pukutani, onani ziro wa maikulomita ndi chitsulo chake choyesera. Ndipo podzaiyezanso mtsogolomu musamangoyeza pakati, kudyeka kumayambira kunsonga komwe kumalowa koyamba, yezani kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, paliponse kawiri mopingasa. Nsonga ikatsika kupitirira 24.997 ilembeni penti nkuichotsa pa benchi ngakhale kumbuyo kukuoneka kwatsopano.