Kodi “apange chiganizo limodzi” ndi Chichewa chomveka?

“Akuluakulu ndithandizeni. Ndikumasulira kapepala ka makalabu a alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Bembeke. Pena ndalemba kuti ‘alimi apange chiganizo limodzi asanagulitse mbatata’. Mnzanga akuti ndi Chingerezi chovala Chichewa, koma pa Google mawuwa alipo ambirimbiri. Ndiye olondola ndani?”

Achemwali, nonse muli ndi mbali yanu, koma umboni mwabweretsawo sunakwane. Google yakuuzani kuti mawuwo alipo. Sinakuuzeni kuti anawalemba ndani, polankhula ndi yani, ndiponso pa nkhani yanji. Mayankho a mafunso atatu amenewa ndi amene angakuuzeni ngati mlimi wa ku Bembeke angawamve ngati mawu akwawo.

Nambala ya zotsatira imene Google imaonetsa ija musaikhulupirire. Ndi yongoyerekeza. Lembani mawuwo pakati pa zizindikiro motere, `"kupanga chiganizo"`, kenako pitani mpaka tsamba lomaliza la zotsatira. Nthawi zambiri mupeza kuti masamba enieni ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi nambala ija, ndipo mwa ochepawo muli nkhani imodzi yomweyo imene yakopedwa malo angapo. Nkhani imodzi ikapezeka kasanu, ndi mboni imodzi, osati zisanu.

Chimene mukufuna ndi kopasi, kutanthauza mulu wa zolemba zenizeni za anthu, wosonkhanitsidwa kuti muzifufuzamo mawu n’kuwaona pakati pa anzake. Anzathu a Chingerezi zawo zinayenda kale: British National Corpus ili ndi mawu pafupifupi 100 miliyoni, ndipo COCA ya ku Amereka inadutsa 1 biliyoni. Ife pa Chichewa tilibe chofika pamenepo, choncho womasulira amadzipangira yekha. Sizovuta. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa AntConc, imene anapanga Laurence Anthony wa ku yunivesite ya Waseda ku Japan. Mukaitsitsa kamodzi, imagwira ntchito popanda intaneti, ndiye za bandulo musadandaule. Zolemba zanu muzisunge ngati mafayilo a `.txt`, ndipo posunga musankhe `UTF-8` kuti chilembo cha ŵ chisasanduke zinyalala.

Pano ndi pamene ambiri amaphonya. Zolembazo musazithire m’foda imodzi. Pangani mafoda awiri. Mu foda yoyamba muike zimene zinalembedwa m’Chichewa kuyambira pachiyambi: nkhani za atolankhani za mu Fuko kapena Tamvani, nkhani zopeka, makalata a owerenga, maminitsi a misonkhano ya kumudzi ngati mungawapeze. Mu yachiwiri muike zomasulira: timapepala ta mabungwe, malamulo, mabuku achipembedzo, Baibulo. Chifukwa chake n’chakuti womasulira mnzanu amene anakumana ndi mawu Achingerezi omwewo mwina anachita zomwe mwachita inuzi, anangotsata mmene Chingerezi chayalira. Mukakapeza mzere wake n’kunena kuti “onani, enanso amatero”, ndiye kuti mwadzifunsa nokha n’kudziyankha nokha. Vuto lomweli lili pa Glosbe, dikishonale ya pa intaneti imene imaonetsa zitsanzo za ziganizo. Zitsanzo zambiri za Chichewa pamenepo zimachokera m’mabuku omasulira achipembedzo. N’zolembedwa mosamala ndithu, koma zimakuonetsani mmene omasulira amalembera, osati mmene anthu amalankhulira pa msonkhano wa kalabu. Ndipo ngakhale foda yoyamba ija muziiyang’ana ndi diso limodzi lokayikira, poti atolankhani ena amayamba alemba nkhani m’Chingerezi, kapena kutenga chikalata cha boma cha Chingerezi, n’kuchitembenuza mothamanga nyuzi isanapite kosindikiza.

Tsopano kufufuza kwake. Chichewa chimamata tizigawo kutsogolo ndi kumbuyo kwa mneni. Mukafufuza “kupanga chiganizo” basi, mwasiya panja “anapanga chiganizo”, “lapanga chiganizo”, “apange chiganizo”, “sanapangebe chiganizo”. Pa Google kanyenyezi aka `*` kamaimira liwu lathunthu, sikathandiza pamenepa. Mu AntConc kamaimira zilembo zilizonse, ndiye pa gawo la KWIC mulembe:

```
*pang* chiganizo
*mang* mfundo
*gwirizan*
```

Mzere uliwonse mufufuze paokha. Mudzaona liwu lanu litaima pakati pa sikirini, mawu a kumanzere ndi a kumanja ali m’mbali. Kenako mufufuzenso `chiganizo` chokha n’kusanja mizere ndi `1L`, kutanthauza liwu loyamba kumanzere. Mukatero aneni onse amene amayenda ndi dzinali amaunjikana pamodzi, ndipo mumaona amene simunawaganizire, monga “kusintha chiganizo” ndi “kubweza chiganizo”. Musanjenso ndi `1R` kuti mugwire mizere imene mneni ali kumbuyo, ngati “chiganizo chomwe anapanga”.

Musanawerenge kuti mizere ilipo ingati, iwerengeni kaye ndi maso umodziumodzi. Liwu loti chiganizo lili ndi ntchito ina kusukulu. Mphunzitsi wa Chichewa akati “pangani chiganizo ndi mawu awa”, sakunena za kusankha chochita, akunena za kulumikiza mawu. Ngati m’mulu mwanu munalowa buku la pulayimale kapena mafunso a mayeso, mizere yotere idzakweza nambala yanu pachabe. Muichotse. Muchotsenso yobwereza.

Yotsalayo muifunse funso limodzi: akupanga chiganizoyo ndani? Mmene ine ndimaonera pa zolemba za m’nyuzi, mawuwa amakonda kuyenda ndi boma, unduna, khonsolo, bungwe, komiti ya chipani, akuluakulu a timu ya mpira. “Boma lapanga chiganizo chokweza mtengo.” Ndi Chichewa cha mu ofesi ndi pa wailesi, chinazika mizu, ndipo palibe Mmalawi amene angalephere kuchimva. Mnzanuyo akanena kuti si Chichewa konse, wapitirira. “Kutenga mbali” nakonso kukuoneka kuti kunabwera njira yomweyo, lero ndani amakudandaula? Koma yang’anani mizere imene anthu wamba akhala pansi n’kukambirana, mudzaona aneni ena. Anthu amagwirizana, amagwirizana chimodzi, amamanga mfundo. Mfumu kapena khoti limagamula. Munthu payekha amatsimikiza mtima, kapena amangoti “ndaganiza zopita”, popanda dzina lililonse pakati. Chingerezi chimakonda mneni wopepuka wonyamula dzina lolemera, pamene ife kawirikawiri ntchito yonse timaisenzetsa mneni mmodzi.

Apa ndi pomwe mzere wanu ukutsimphina, ndipo si pa “chiganizo” pokha ayi, ndi pa “limodzi”. Mwaika liwulo chifukwa “kupanga chiganizo” pakokha sikunena kuti anthu ndi ambiri ndipo amvana. Pamene “kugwirizana” kwanyamula kale zonsezo. Munthu sagwirizana yekha. Yesani kufufuza `*pang* chiganizo limodzi` mu foda ya zolemba zoyambira m’Chichewa, muone ngati mupeze yambiri. Ine ndikanalemba kuti “alimi ayambe agwirizana chimodzi asanagulitse mbatata yawo”. Ngati kapepalako kakunena za mfundo imene ilembedwe m’buku la kalabu n’kumanga membala aliyense, monga mtengo wotsikitsitsa wa thumba, pamenepo “amange mfundo” ndi imene ikukwana, chifukwa yomangidwayo imakhala ndi mphamvu pa onse. Onani kaye chimene Chingerezicho chikutanthauza pa ndime yonse musanasankhe.

Pofananiza mafoda awiri aja, samalani ndi kukula kwake. Tiyerekeze kuti mawu ena mwawapeza ka 30 mu foda ya mawu 1,500,000, ndipo mu ina ya mawu 200,000 mwawapeza ka 12. Diso likuuzani kuti 30 ndi wamkulu. Koma gawani ndi kukula kwa foda n’kuchulukitsa ndi miliyoni: yoyamba ikupatsani 20 pa mawu miliyoni alionse, yachiwiri 60. Mawuwo ndi ofala katatu mu foda yaing’onoyo. AntConc imakuonetsani chiwerengero cha mawu onse pamene palembedwa `Tokens`, ndiye masamu ake ndi a pa foni basi. Muonenso kuti mizereyo yachokera m’mafayilo angati. Mizere 12 yochokera kwa mlembi mmodzi ndi chizolowezi cha munthuyo. Mizere 12 ya alembi khumi osiyana ndiye chilankhulo. Zili ngati kugula ndowa ya kachewere pa Lizulu: simuweruza ndi zazikulu zapamwamba, mumapisa dzanja pansi.

Nanga mukafufuza osapeza kalikonse? Musathamangire kufufuta mawu anu. Pa kopasi ya mawu mamiliyoni mazanamazana, kusowa kwa mawu wamba ndi chenjezo lamphamvu. Pa kamulu kathu kakang’ono, kusowa sikunena zambiri. Poyamba onani kalembedwe: wina amalemba “mfundo”, wina “fundo”, wina “mawu”, wina “mau”, mabuku ena ali ndi ŵ pamene ena ali ndi w wamba. Kachizindikiro ka mu “m’mudzi” nako kali mitundu iwiri, kowongoka ndi kopindika, ndipo mapulogalamu ambiri amadula liwu pamenepo n’kuliwerenga ngati mawu awiri. Yesani kalembedwe konse. Ngati mawuwo sakupezekabe, mwina ndi a pakamwa, amene salembedwalembedwa. Zolankhula za agogo a ku Kaphuka kapena ku Tsangano sizinafike pa intaneti, koma zimenezo sizikuchotsa Chichewa chawo.

Zaka ndi dera nazonso muziziyang’ana. Buku Lopatulika ndi la 1922, Buku Loyera la 1998. Mawu mukawapeza mu loyambalo mokha, achikulire akuchalitchi adzawamva, koma mnyamata wa kabaza adzaona ngati mukulalikira. Komanso pa intaneti Chinyanja cha ku Zambia chimasakanikirana ndi chathu, poti makina amaziika pansi pa chizindikiro chimodzi, `ny` kapena `nya`. Mukaona mzere wodabwitsa, tsegulani tsamba lake muone kumene wachokera. Pa Google mukhoza kuwonjezera `site:mw`, kungoti masamba ambiri a ku Malawi amathera ndi `.com`, ndiye njirayi imasiyanso zabwino panja. Masiku ano kwachulukanso masamba omasuliridwa ndi makina. Mudzawadziwa ndi agwirizanitsi osokonekera, dzina la gulu lina mneni wa gulu lina, komanso nkhani zake zosakhudza Malawi n’komwe, monga malangizo a mahotela a ku Ulaya. Amenewo asalowe m’foda iliyonse.

Kopasi ikakusiyirani njira ziwiri kapena zitatu, zotsalazo ndi za khutu. Musafunse alimi kuti “kodi izi zikumveka?”, chifukwa mwaulemu wathu adzangoti “eya, zikumveka”. Awerengereni mzerewo mokweza, kenako mupemphe mmodzi kuti afotokozere mnzake zimene kapepala kakunena. Mvetserani mneni amene atuluke pakamwa pake. Mukawerenga “apange chiganizo limodzi” iye n’kunena kuti “akuti tizigwirizana kaye tisanagulitse”, lembani zimene wanenazo. Muyesere anthu a magulu awiri osiyana, amayi ndi abambo, chifukwa mlembi wa kalabu amene anazolowera misonkhano ya mabungwe adzakubwezerani Chichewa cha mu ofesi chomwecho.