Kusandutsa zithunzi za buku kukhala manotsi a Cornell

"Mwana wanga wadzaza foni ndi zithunzi za masamba a buku la sayansi, koma amangokopera zonse mmene zilili. Aphunzitsi ake anatchula njira ya Cornell. Ayambire pati?"

Mayi, ayambe waona ngati chithunzicho chikuwerengeka. Mawu a pafupi ndi msoko wa buku amapindika, ndipo kuwala kwa foni kumafufuta mizere pa pepala lonyezimira. Zikatero ajambulenso, tsamba limodzilimodzi, nambala ya tsamba ikuoneka.

Njirayi anaiyambitsa Walter Pauk pa yunivesite ya Cornell ku America m'zaka za m'ma 1950. Pa pepala la A4, mwanayo alembe mzere wotsika, masentimita 6 kuchokera kumanzere, ndi wina wopingasa, masentimita 5 kuchokera pansi. Pamwamba aike mutu ndi nambala ya tsamba la buku, kuti akadzakayika adzapeze chithunzicho msanga.

Tinene kuti tsambalo likufotokoza mmene zomera zimapangira chakudya. Awerenge ndime yonse, atembenuze foni, ndiye alembe m'gawo lalikulu la kumanja zimene wamva: masamba amatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi, mizu imakoka madzi, kolorofili, yomwe imapangitsa masamba kukhala obiriwira, imagwira kuwala kwa dzuwa, kenako pamapangidwa shuga ndi okosijeni. Kutembenuza foniko n'kofunika kwambiri, chifukwa chithunzi chikakhala pamaso dzanja limangokopera. Chokhacho choti akopere ndendende ndi fomula:

6CO₂ + 6H₂O → C₆H₁₂O₆ + 6O₂

Apa akulitse chithunzi, popeza timanambala ta m'munsi timasokoneza, 6 n'kuoneka ngati 8. Chojambula cha tsamba la chomera achijambule yekha ndi pensulo, ngakhale chisakongole.

Gawo la kumanzere alidzaze pambuyo pake, ndipo ana ambiri amalakwitsa pomwepa. Amalembamo mitu, monga "Kolorofili", mmalo mwa mafunso. Mutu suyesa munthu. Alembe kuti, "Kolorofili imagwira ntchito yanji?" kapena "Chomera chikaikidwa mumdima chingapange shuga? Chifukwa chiyani?" Funso lililonse likhale moyang'anizana ndi yankho lake. Mafunso anayi kapena asanu pa pepala akwana.

Pansi alembe ziganizo ziwiri kapena zitatu m'mawu akeake, osasuzumira pa foni: "Zomera zimapanga shuga kuchokera ku madzi ndi kaboni dayokisaidi pogwiritsa ntchito kuwala. Okosijeni amatuluka." Zikamukanika, ndiye kuti ndimeyo sanaimvetse, abwerere kukaiwerenganso.

Inu mungamuthandize ngakhale sayansi munaiiwala. Mawa lake tengani pepalalo, mumufunse mafunso a kumanzere, iye aziyankha pakamwa inu mukuona mayankho kumanja. Funso limene walephera muikepo kanyenyezi, ndipo pakatha masiku atatu muyambire pomwepo.