Ngalande inagumukira mnyamata mpaka m'mawondo: lipoti lake lilembedwe bwanji?

"Ndine folomani pa ntchito yoyala mapaipi a suweji. Sabata yatha khoma la ngalande linagumukira mnyamata wathu mmodzi mpaka m'mawondo. Wangobinya bondo, kuchipatala anamumanga bandeji n'kumubweza tsiku lomwelo. Abwana akufuna lipoti lonena momwe zinayendera, chimene chinachititsa ndi zimene tichite. Ine ndalemba kuti inali mvula komanso kusasamala kwa mnyamatayo. Sizokwanira zimenezo pa ngozi yaying'ono chonchi?"

Ayi akuluakulu, sizokwanira. Ndawerenga zimene mwalembazo, ndaonanso zithunzi ndi manambala amene munatumiza nditakufunsani, ndipo ndiyambira pa mawu oti "yaying'ono".

Chidutswa chimene chinagwacho mwati chinali cha mamita 2 m'litali, mita imodzi kutsika ndi masentimita 30 kuchindikala. Tikachulukitsa tikupeza 0.6 ya kiyubiki mita. Kiyubiki mita imodzi ya dothi lonyowa imalemera makilogalamu pafupifupi 1,600, mwinanso kuposa, choncho chimene chinagwera mnyamatayo ndi makilogalamu cha m'ma 960. Amenewo ndi matumba a simenti 19. Linamupeza ataimirira n'chifukwa chake linalekeza m'mawondo. Koma ntchito yake inali yolumikiza mapaipi, ndipo wolumikiza mapaipi amakhala chogwada, mutu uli pansi. Dothilo likanagwa mphindi ziwiri m'mbuyo bwenzi mukundilembera za maliro. Chiganizo chimenechi chilowe mu lipotilo, pamwamba penipeni, pansi pa mzere wonena za kuvulala kwake. Abwana akaona bandeji yokha adzakupatsani ndalama ya bandeji yokha.

Gawo la momwe zinayendera lisayambire pa nthawi imene dothi linagwa. Malipoti ambiri amene ndawerengapo amayamba ndi "cha m'ma 10 koloko m'mawa khoma linagumuka", ndiye zonse zofunika zatsala kumbuyo. Lanu liyambire Lolemba, tsiku limene munakumba chigawo chimenecho. Malinga ndi zimene mwandiuza, likhoza kuyenda motere. Lolemba ngalande inakumbidwa kuya mamita 1.7, m'lifupi masentimita 70, makoma oongoka, popanda matabwa ochirikiza. Dothi lofukulidwa linaunjikidwa m'mphepete mwenimweni, mbali ya kumsewu. Lachiwiri mapaipi sanabwere, ngalande inagona yotsegula. Usiku wa Lachiwirilo kunagwa mvula, ndipo Lachitatu m'mawa munali madzi ofika m'kakolo amene anyamata anakapa ndi zidebe. Anthu analowa 8 koloko popanda amene anayendera makoma. Cha m'ma 10 koloko tipa ya mchenga inabwerera chafutambuyo n'kuima pafupifupi mita imodzi kuchokera m'mphepete, injini ikulira. Patapita mphindi zochepa khoma la mbali yomweyo linagwa.

Mu gawo limeneli musalembemo "chifukwa" ngakhale kamodzi, musalembemonso "mosasamala". Mulembe zochitika zokha, ndi nthawi yake, ndi amene wakuuzani. Mboni muzifunse mmodzimmodzi, osati onse pamodzi pansi pa mtengo wa mango, popeza akakhala pagulu onse amabwereza zimene wanena wamkulu. Akasiyana mawu, wina akuti tipa inaima mphindi zisanu wina akuti khumi, lembani zonse ziwiri. Dalaivala wa tipa mumufunsenso, ndi wovulalayo, koma iyeyu akhale atapeza bwino ndipo adziwe kuti simukufuna womudula malipiro. Akaganiza kuti ndi mlandu, adzakuuzani kuti sakukumbukira kanthu.

Nkhani isathere pa kugwa kwa dothi. Mwandiuza kuti anzake atatu analumphiramo nthawi yomweyo n'kuyamba kufukula ndi mafosholo, wina ndi piki. Mtima wawo ndi wabwino, koma khoma likagwa chidutswa chimodzi, zotsala m'mbali mwake zimakhala zataya poyedzamira ndipo kawirikawiri zimatsatira. Munali ndi anthu anayi pansi pa khoma lomwelo, tipa ikadali pamwamba. Piki pafupi ndi mwendo wokwiririka nayo ndi ngozi ina. Zimenezi zilembedwe, pamodzi ndi mfundo yoti makwerero munalibe, ndipo mnyamatayo anatulutsidwa pomukoka manja.

Tsopano mvula yanu ija. Mvula inagwadi, ndipo madzi akalowa m'dothi amaliwonjezera kulemera n'kulichepetsera kugwirana. Madzi oima pansi amafewetsanso tsinde la khoma, pamene pamasenza katundu yense. Koma mvula mu Januwale si mlendo. Lipoti likanena kuti gwero ndi mvula, ndiye kuti palibe chochita kupatula kudikira chilimwe. Mvula, mulu wa dothi wa m'mphepete ndi tipa ndi zimene zinakankha khoma tsiku limenelo. Gwero lenileni mulipeza mukafunsa chifukwa chake munthu anali pansi pa khoma loongoka la mamita 1.7 lopanda chochirikiza, ndipo funsoli mulibwereze mpaka mufike pa chinthu chimene kampani ingasinthe.

Tiyeni tiyese. Matabwa panalibe chifukwa pasayiti sanabwere. Sanabwere chifukwa palibe anawaitanitsa. Palibe anawaitanitsa chifukwa pa mtengo wa ntchito yonse panalembedwa kukumba ndi kukwirira kokha, ndalama ya kuchirikiza mulibe. Ndipo mulibe chifukwa amene anawerengera ankaganiza kuti ngalande yonse ikhala ya mita imodzi, osaona kuti paipi ya suweji imayenda motsetsereka, ndiye pamene nthaka yakwera ngalande imazama. Chigawo chanucho ndi pamene msewu wakwera kamtunda. Apa tafika pa gwero loyamba, ndipo mnyamata wa bondo uja sakupezekapo.

Gwero lachiwiri lili m'chithunzi chanu chachitatu, ndipo sindikudziwa ngati munaliona. Pakhoma logumukalo dothi lili mitundu iwiri. Kumanzere ndi katondo wolimba wofiira, kumanja ndi dothi losakanikirana, muli tizidutswa ta njerwa ndi pulasitiki. Limenelo ndi dothi lokwiriridwa kale, mwina pamene ena anayala paipi ya madzi kapena chingwe zaka zapitazo. Dothi lotero silibwereranso mphamvu zake zakale, ndipo mukakumba moyandikana nalo mumasiya kakhoma kopyapyala kongoima ngati buledi wodula. Katondo amanyenga anthu ambiri chifukwa amaima bwino masiku angapo, mpaka anyamata amati "dothi la kuno siligwa". Pamenepo silinali la kuno. Lembani kuti musanakumbe palibe anafufuza zimene zinayalidwa kale m'mphepete mwa msewuwo, ndiponso kuti palibe munthu amene anapatsidwa udindo woyang'ana makoma m'mawa uliwonse ndi mvula ikagwa.

Gwero lachitatu ndi lovuta kulilemba chifukwa likukhudza thumba la abwana. Mwati okumba amalipidwa pa mita. Munthu wolipidwa pa mita sangataye nthawi kuponya dothi kutali kapena kukulitsa ngalande pamwamba, chifukwa thukuta limenelo palibe amuwerengere. Si ulesi, akungotsata momwe mukumulipirira. Kodi "kusasamala" kumene munalemba kuja n'kotani, poti anali pamalo pamene munamutuma, akugwira ntchito imene munamupatsa? Mawu amenewo achotseni. Nanunso lipotili likukukhudzani, popeza amene analola anthu kulowa 8 koloko ndinu. N'chifukwa chake ndikanakonda kuti mulembe limodzi ndi injiniya kapena munthu wina amene sanali pasayiti tsikulo, komanso mmodzi wa anyamata okumba.

Pa zochita, lamulo langa ndi limodzi: gwero lililonse likhale ndi chochita chake, dzina la wochita, tsiku lomaliza ndi amene adzaone kuti zachitikadi. "Antchito akumbutsidwe kusamala" si chochita. Manambala otsamira alipo. Malamulo a OSHA, bungwe la boma la Amerika loona za chitetezo cha anthu pa ntchito, amene ambiri amabwerekako, amati ngalande yakuya mamita 1.5 kapena kuposa ikhale yochirikizidwa kapena yopendeketsedwa makoma pokhapokha ngati ndi mwala wokhawokha, dothi lofukulidwa likhale masentimita osachepera 60 kuchokera m'mphepete, ndipo ikafika mamita 1.2 mukhale makwerero kapena potulukira pena pamtunda wosaposa mamita 7.6 kuchokera pamene munthu akugwira ntchito. Musawatenge ngati malire a ngozi. Munthu wogwada akhoza kukwiririka m'ngalande ya mita imodzi, ndiye pa dothi lokwiriridwa kale ine ndimachirikiza ndisanafike pa 1.5.

Kupendeketsa makoma kumamveka kotchipa, koma werengani kaye. Pa dothi lofooka, muyezo wa OSHA ndi mita imodzi ndi theka cham'mbali pa mita iliyonse yotsika. Pa mamita 1.7, ndiye mamita 2.55 mbali iliyonse, kuphatikiza masentimita 70 a pansi, pamwamba pakufunika mamita 5.8. Pakati pa msewu ndi mpanda wa eni ake malo amenewo mulibe. Choncho chochita chanu ndi matabwa oimika m'makoma, ogwiridwa ndi mitanda yogona ndi zopingasa zokankha mbali zonse ziwiri. Kukula kwa matabwa ndi kutalikirana kwa zopingasa alembe ndi injiniya, osati kungotola mapolo a bulugamu amene atsala pa sikafodi. Amaikidwa kuyambira pamwamba kutsika, munthu ali pamalo ochirikizidwa kale, ndipo amachotsedwa kuyambira pansi kukwera pamene mukukwirira. Ndalama yake ilowe pa mtengo wa ntchito, ndipo okumba alipidwe pa kuika matabwawo, apo ayi adzakhala mulu pambali.

Zotsalazo n'zachidule. Magalimoto akhale ndi malire ooneka, chipika kapena migolo, ndi munthu wowaimitsa. Musatsegule ngalande yaitali kuposa mapaipi amene ali pasayiti. Woyendera makoma asayine pepala m'mawa uliwonse ndi pambuyo pa mvula, atayang'ana ming'alu yoyenda motsata m'mphepete, khoma lotupa, dothi loyoyoka ndi madzi otuluka m'khoma, ndipo akhale ndi mphamvu yoletsa ntchito popanda kuimbira foni aliyense. Anyamata aphunzitsidwe kuti wina akakwiririka, choyamba n'kuzimitsa injini zonse ndi kuchirikiza, kenako kufukula ndi manja pafupi ndi thupi.

Lipoti la m'kampanili sililowa m'malo mwa kudziwitsa boma. Kuno ku Malawi kuli lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito, ndi la 2000 la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito. Pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi pepala la kuchipatala, akakuuzeni fomu yoyenera, ngakhale mnyamatayo akhale waganyu. Bondo limene lero likuoneka lobinya chabe likhoza kudzavuta pakatha miyezi itatu, ndipo pamenepo pepala limenelo lidzafunika kwa iye ndi kwa inu.

Mamita otsala a ngalandeyo mwati akudutsa m'mphepete mwa msewu womwewo, ndiye dothi lakale lija mukumana nalonso. Musanalowetsemo munthu, kumbani timaenje toyesera pa mamita 10 aliwonse muone pamene likudutsa, ndipo zimene mupeze muziike kumapeto kwa lipotilo pamodzi ndi zithunzi.