Tengani rula, muyeze mithunzi

"Ndimaphunzitsa ku Area 25, ndiponso ndimayang'anira kanyuzi ka pasukulu. Anditumizira chithunzi cha mwambo wopereka mabuku, koma bambo wina amene ali pamenepo akuti sanabwere n'komwe. Ndingadziwe bwanji ngati anachita kumuikapo?"

Aphunzitsi, ine ndikanayambira pa mithunzi, chifukwa oika munthu pachithunzi amalimbana ndi nkhope ndi zovala, pansi n'kuiwalapo.

Sindikizani chithunzicho papepala, mutenge rula ndi pensulo. Sankhani zinthu zitatu zimene simukuzikayikira, monga mtengo wa mbendera, kona ya tebulo ndi mwana amene mukudziwa kuti analipo. Jambulani mzere kuchokera pansonga ya mthunzi wa mtengowo kudutsa pansonga ya mtengo weniweniwo, muutalikitse mbali zonse ziwiri. Chitani chimodzimodzi ndi kona ya tebulo ndi mutu wa mwanayo. Poti dzuwa ndi limodzi, mizere itatuyo ikumana pamalo amodzi, nthawi zambiri kunja kwa pepala, ndiye yalani nyuzipepala yakale pansi pake. Dzuwa likakhala chakumbali kwenikweni, mizereyo imangoyenda mondondozana osakumana. Tsopano jambulani wa bamboyo, kuchokera kumutu wa mthunzi kudutsa pamutu pake. Mzere wake ukalowera kwina wokha, pamenepo pali nkhani.

Chonde musaweruze ndi maso okha. Mithunzi imatha kuoneka ngati yaloza kosiyana pachithunzi choona, makamaka pamtunda kapena pamasitepe. Njirayi sithandizanso kukachita mitambo kapena m'holo ya magetsi ambiri. Kuno ku Lilongwe, kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, masana dzuwa limakhala paliwombo, mthunzi n'kubisala kumapazi, moti poyeza palibe.

Zikatero kulitsani chithunzicho pa nsapato zake. Munthu woponda padothi amakhala ndi kamdima kothina pansi pa nsapato, ndipo fumbi kapena udzu umabisa pang'ono m'mphepete mwake. Woikidwa amaoneka ngati akuyandama. Onaninso tsitsi ndi makutu ngati pali kamzere kowala kochokera pamalo pamene anamudula.

Mabukuwonso muwaone bwino, mwina mulu umodzi anaubwereza kuti achuluke. Mu Julaye 2008 nyuzipepala zikuluzikulu za ku America zinatulutsa chithunzi cha mizinga inayi ya Iran ikuuluka, chonsecho umodzi unali woikidwa, ndipo chinaulula ndi utsi ndi fumbi zofanana ndendende ndi za mizinga ina.

Chithunzi chobwera pa WhatsApp chimakhala chitafinyidwa, m'mphepete mwa anthu onse mumaoneka mophwanyika, choncho musamunamizire munthu pa chimenecho chokha. Pemphani wojambulayo atumize choyambirira ngati Document, pamodzi ndi ziwiri zimene anajambula motsatizana nacho. Kenako dulani bamboyo yekha, mumufufuze pa Google Lens, chida chofufuzira zithunzi zofanana pa intaneti. Mukamupeza ataima chimodzimodzi, jekete yomweyo, dzanja pomwepo, koma pamwambo wina, chithunzicho musachiike m'kanyuziko.